Khodi ya pa Kauntala ya a Misomali

A Misomali sanali munthu woipa, zimenezo tinene poyambirira pomwe. Anali wouma mutu basi, komanso wouma manja pang'ono. Dzinalo anawapatsa ndi amisiri, chifukwa shopu yawo ya hadiweya inayamba ndi ndowa zitatu za misomali ndi kasikelo kadzimbiri. Pofika nthawi ya nkhani yathuyi, m'shopumo munali simenti, malata, penti, maloko, mapaipi, chilichonse chimene munthu womanga nyumba amalira nacho. Eni akewo tsiku lonse ankakhala kuseri kosungira katundu, kukalipira madalaivala a malole ndi kuwerenga matumba, malaya ali mbuu ndi fumbi.

Pa kauntala pankakhala mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo. Mayiyo anakhala pamenepo zaka khumi ndi zinayi, kuyambira pamene amuna awo anamwalira. Ankadziwa kusiyana kwa bawuti ndi bawuti mnzake pongoigwira m'manja. Mmisiri akabwera n'kumachita chibwibwi kuti akufuna kachitsulo kajaka, kopindika kajaka, iwo ankangotsegula dirowa n'kukaika patsogolo pake. Makasitomala ankawatchula anti a pa kauntala. A Misomali ankawatchula alamu, ndipo ankakonda kuseka pagulu kuti akanakumana ndi mng'onoyu poyamba, mkuluyo akanangomva nkhani.

"Ndani akanakulolani inu, ndi fumbi lanulo?" mlamuyo ankayankha choncho, osatukula n'komwe mutu.

Kulipira pafoni kutabwera, shopuyo inakhala ndi njira ziwiri. Yoyamba inali sitika. Kampani yoyendetsa malipiroyo inawapatsa khodi ya shopu, timadontho takuda tija ta m'kabokosi, ndipo a Misomali anaimata okha kumaso kwa kauntala, mbali yoyang'ana makasitomala. Wogula ankaijambula ndi foni yake, n'kulemba yekha mtengo, n'kuika nambala yake yachinsinsi. Zikatheka, chizindikiro chobiriwira chinkabwera pa foni ya wogulayo, uthenga n'kupita ku foni ya shopu. Makina a pa kauntala sankadziwa kanthu za malipiro amenewa. Mlamu ankachita kulembamo ndi dzanja kuti uyu walipira pa sitika.

Njira yachiwiri inali sikana, kachipangizo kachingwe kolumikizidwa ku makinawo. Apa zinthu zinkatembenuka. Wogula ndiye ankatsegula khodi yake pa foni n'kuonetsa. Mlamu ankaika mtengo m'makina, n'kuloza sikanayo pa foni, kenako tii! lisiti n'kutuluka. Mtengo ukakhala waukulu, wogula ankatsimikiza kaye ndi nambala yachinsinsi. Koma kuvomera kuti ndalama zalowa kunkachokera m'makina a shopu eni ake, osati pa foni ya munthu wina.

Mlamu ankakonda sikana. Amisiri ambiri ankakonda sitika, chifukwa anthu atatu ankatha kujambula nthawi imodzi, aliyense n'kutukula foni yake m'mwamba, n'kuthamangira ku ntchito.

Vuto linali loti foni ya shopu inkakhala m'thumba la a Misomali. Sinkachokamo. Ngakhale akazi awo sankaigwira.

"Alamu, foniyo mudzindisiyira pano," mlamu anawauza kangapo konse. "Wa sikana ndimamudziwa kuti walipira, makina amandiuza okha. Koma wa sitika ndimangomvera zimene foni yake ikundionetsa. Uthenga wathu umalirira m'thumba mwanu kuseriko, ine sindiuona."

"Mukaona chobiriwira, muloleni apite. Chavuta n'chiyani?"

"Ndiye gulani kasipika kaja kamene kamalengeza ndalama zikalowa. A kampani anati kalipo."

"Kamene kamalipiridwa mwezi ndi mwezi kaja? Iyayi. Ndili ndi inu, ndifunirenjinso sipika? Pakamwa panupo pakukwana."

Anaseka onse awiri, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndipo kwa chaka ndi theka zinayenda bwinobwino.

Kenako kunabwera milungu itatu ya chisokonezo. Foni ya m'thumba ija inkalirabe, chifukwa malipiro a pa sikana nawonso ankatumiza uthenga, ndiye a Misomali sanaone chachilendo msanga. Munthu wokangana ndi dalaivala sawerenga mauthenga. Anangoyamba kudabwa kuti katundu akutuluka ngati kale, koma ndalama za ku akaunti zikuonda. Mlungu woyamba anati mwina kampani ikuchedwetsa. Wachiwiri anayamba kusowa tulo. Wachitatu, Lamulungu masana, anakhala pa tebulo la pabalaza, magalasi pamphuno, n'kuyamba kufananiza mapepala a m'makina ndi mauthenga a m'foni, mzere ndi mzere.

Za pa sikana zonse zinalipo, mpaka kaloko kakang'ono. Zosowa zinali za pa sitika zokhazokha. Zonse. Ndipo za pa sitika ndi zija zimene mlamu ankalemba ndi dzanja lake.

Mutu wa munthu ukafuna kuipa sufuna thandizo. A Misomali anaona chithunzi chonse nthawi yomweyo: wogula wapereka ndalama zapamanja, mlamu waziika m'kachikwama, m'makina walemba kuti walipira pa sitika. Anakumbukira kuti mwana wa mlamuyo wangoyamba kumene ku koleji. Anakumbukira nsapato zatsopano zimene mayiyo anavala Lachisanu. Nsapato, abale! Zaka khumi ndi zinayi zinagonja kwa nsapato.

Lolemba m'mawa anauza akazi awo kuti awaperekeze ku shopu, osanena chifukwa. Anapeza mlamu watsegula kale, akupukuta kauntala. A Misomali anatseka chitseko, n'kuyala mapepala aja pa kauntalapo.

"Alamu, ndikufuna mundilongosolere izi pamaso pa akulu anu."

Mlamu anayang'ana mapepalawo nthawi yaitali, chala chikutsata mizere. Nkhope yawo inasintha.

"Zonsezi sizinalowe?"

"Mukundifunsa ine?"

"Koma anthuwa ankandionetsa mafoni awo. Uyu ndi kalipentala wa ndevu uja, ndikumukumbukira, anatenga zomatira ndi mahinjesi. Uyu ndi mayi womanga nyumba za lendi. Aimbireni foni, muwafunse."

"Ndiimbire makasitomala, tauni yonse imve kuti m'banja mwathu muli zotani? Anthu makumi angati amenewa? Onsewa anapangana tsiku limodzi kuti andibere ine?"

"Ndiye mukuti wakuberani ndani?"

Akazi awo anawagwira mkono. "Bambo, taganizani kaye."

Sanaganize. Ananena mawu aja, ndipo anawanena bwinobwino, mosachita chibwibwi. Anati pamene pali makina palibe chasowa, pamene pali dzanja la munthu ndi pamene pabooka. Anati ngati fizi ya mwana inavuta, kunali bwino kupempha kusiyana ndi kuba. Za nsapato anatchulanso, Mulungu awakhululukire.

Mlamu sanalire. Anatulutsa foni yawo m'kachikwama n'kuyamba kuzungulira kauntala. "Dikirani ndijambule ineyo sitikayo, nditumize kangachepe, tione ngati uthenga ufike kwa inu."

A Misomali anaima kutsogolo kwa sitikayo, n'kuitchinga ndi thupi lawo lonse. "Zisudzo ayi. Ndaonera zokwanira."

Mayiyo anaima pomwepo, foni m'manja. Anayang'ana mkulu wawo, amene anali atagwira pakamwa. Kenako anabweza foni m'kachikwama, anavula epuloni n'kuipinda bwinobwino, anaika makiyi pamwamba pake.

"Penti yoyera yatsala zitini zinayi, muitanitse ina," anatero, n'kutsegula chitseko n'kumapita.

Tsiku limenelo shopu sinagulitse. Akazi awo anakwera basi okha kubwerera kunyumba, ndipo madzulo chakudya anachisiya pa tebulo chovundikira, iwo n'kukakhala kuchipinda.

Lachiwiri a Misomali anaima okha pa kauntala, koyamba m'zaka zambiri. Sankadziwa dirowa ya mawashala. Woyamba kubwera anali mtsikana wa yunifolomu ya ku banki, wofuna babu ndi soketi. Anatsegula khodi pa foni yake n'kuitambasula. A Misomali anavutika kuika mtengo, anafufuta kawiri, ndipo pamene ankaloza sikana, mtsikanayo anati dikirani, yasintha, imasintha yokha pakapita kanthawi. Anawaonetsa yatsopano. Tii! Lisiti inatuluka, foni ya m'thumba n'kunjenjemera. A Misomali anadzimva ngati katswiri. Mumtima anati, si izi, makina sanama.

Kenako analowa kalipentala wa ndevu uja, pensulo kukhutu, akununkha utuchi.

"Ah, lero bwana mwini wake! Anti ali kuti?"

"Apuma."

"Apume ndithu, mumawagwiritsa ntchito ngati bulu. Ndipatseni misomali ya mainchesi atatu, makilo awiri, ndi guluu wamkulu."

Kalipentalayo anawerama n'kujambula sitika ija, analemba mtengo, anabisa foni pachifuwa poika nambala yachinsinsi, kenako anaitukula m'mwamba monga mwa chizolowezi. Chobiriwira chija chinalipo, mtengo unali womwewo. Ananyamula katundu wake.

"Taimani kaye," anatero a Misomali.

Dzanja lawo linali m'thumba, pa foni. Foniyo inali zii. Anaitulutsa, anaiyang'ana, anaigwedeza ngati wotchi yakufa. Netiweki inali yodzaza. Uthenga womaliza unali wa mtsikana wa babu uja.

"Sizinalowe."

"Sizinalowe bwanji? Kwanga zachoka. Onani nokha, bwana, musandiyambe m'mawa uno."

A Misomali anavala magalasi n'kutenga foni ya kalipentalayo m'manja mwawo. Anaona mtengo, anaona nthawi. Pamwamba, m'zilembo zing'onozing'ono, panali dzina la wolandira ndalama. Silinali dzina la shopu yawo. Silinali dzina lawo, kapena la mlamu, kapena la munthu aliyense amene anamumvapo chibadwire.

"Ameneyu ndani?"

Kalipentala anasuzumira. "Ameneyu? Ndakhala ndikumuona milungu ingapo tsopano. Ine ndimayesa mwalembetsa kampani ina, nanga si inu olemera mumasintha maina pothawa msonkho."

Palibe anaseka. Kalipentala anaika katundu pansi, anagwada pa kauntalapo, anayendetsa chala m'mphepete mwa sitika. Munthu wozolowera matabwa amamva ndi chala pamene pakwera. Anatulutsa kampeni m'thumba, analowetsa nsonga pakona, n'kukoka pang'onopang'ono. Pepalalo linamatuka lonse bwinobwino. Pansi pake panali sitika ina, yakale, yothimbirira ndi fumbi la simenti, ija a Misomali anamata ndi manja awo.

"Mayo ine," anatero kalipentala. "Anakumatirani yawo pamwamba."

Anajambula ya pansiyo, dzina la shopu linabwera, anatumiza kangachepe. Foni ya a Misomali inanjenjemera m'manja mwawo nthawi yomweyo.

A Misomali anakhala pa chitini cha penti.

Kalipentala analankhulabe, poti ndi munthu wosatha kukhala chete. Anati zimenezi anazimvapo kwa mnzake wa galaja. Anati wakuba amalowa nthawi ya chigulu, amatsamira pa kauntala ngati akudikira, dzanja limodzi likugwira ntchito m'munsimu, ndipo amene ali kuseri kwa kauntala sangaone chifukwa sitika imayang'ana kunja. Anati khodi ya papepala imangokhala pomwepo usana ndi usiku, ndipo ili ngati kuuza munthu kuti ponya umu: wina akasintha bokosi, woponyayo amaponyabe ndi mtima woyera, foni yake n'kumuuza kuti zatheka, chifukwa zathekadi, kungoti zapita kwina. Koma ya pa sikana wakuba angaimate pati? Ili pa foni ya wogula, imasintha yokha, ndipo woiwerenga ndi makina anu, amene sadziwa akaunti ina koma yanu.

"Ndiye n'chifukwa chake anti ankatikakamiza za sikana," anamaliza choncho. "Ife ndi amene tinkakana, kufulumira. Komatu akamva adzakhumudwa. Muwauze mosamala, amaikonda shopu ino kuposa inu."

A Misomali ankayang'ana pansi, pamalo pamene anaima dzulo lake, msana utatsamira pa pepala la wakubalo, akulitchinjiriza kwa mlamu wawo. Tsiku limodzi lokha. Akanangosuntha phazi, mayiyo akanajambula, dzina lachilendolo likanaoneka, bwenzi pano akutukwana wakuba onse pamodzi. Manyazi anawagwira.

Zotsatira zake zinayenda monga zimayendera. Anakanena ku kampani, anakanena kupolisi, anasiya pepalalo litajambulidwa, analemba mafomu. Anauzidwa kuti akaunti ya wakubayo yatsekedwa, koma munali mutapululuka kale, ndipo kufufuza kukupitirira. Ndalamazo zinali za matumba a simenti osachepera makumi asanu ndi limodzi. Chodabwitsa n'chakuti sizinawapweteke kwenikweni. Anachotsa sitika pa kauntala, anaiika m'kafelemu kagalasi pamwamba pamene wogulitsa amaiona, anagula ndi kasipika kaja. Katalengeza koyamba kuti ndalama zalowa, anafuna kukaponya panja.

A Misomali anauza akazi awo za sitikayo Lachiwiri lomwelo. Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pachifuwa.

"Ndiye mupite mukamuuze," a Misomali anatero. "Inu ndi pachibale, akumverani."

"Ine? Ndinatchula nsapato ndine? Zoti kunali sitika yabodza ndimuuza, chifukwa mng'ono wanga sangagone usiku wina ndi dzina la wakuba. Koma kupepesa ayi, bambo. Pakamwa pamene panatukwana ndi pomwe papite."

"Ndipita mawa."

Mawa lake kunabwera lole ya malata. Tsiku linalo anati adikire kaye mtima wa mlamu utsike. Loweruka anavala malaya oyera, anafika mpaka pamphambano ya msewu wa kwa mlamu, anaona geti lobiriwira la nyumba ya mlamuyo, n'kukhota kubwerera. Ankakonza mawu m'mutu, mawuwo akafika pakamwa ankaoneka ochepa. Anaganiza zodikira kuti apolisi agwire wakubayo, kuti apite ndi nkhani yathunthu. Anaganiza zogula mphatso, kenako anaona kuti mphatso ioneka ngati akugula munthu. Munthu amene ankatha kukalipira dalaivala wa lole mpaka kumugwetsa misozi, analephera kugogoda pa geti la mkazi wamasiye. Milungu inakwana isanu.

Anadzamva kwa akazi awo kuti mlamu wayamba ntchito ku famase, sitolo yaikulu ya mankhwala ya pafupi ndi chipatala. Nkhaniyo inawabaya. Mumtima mwawo ankaganizabe kuti mayiyo ali kunyumba, akungodikira, ndipo epuloni ija inali ikadali pa msomali kuseri kwa chitseko.

Anapita Lachinayi masana. Famaseyo inali yowala, yozizira, ya matailosi oyera, mashelefu ataliatali. Makauntala olipirira anali atatu. Mlamu anali pa wachiwiri, atavala gauni yabuluu, tsitsi atamanga kumbuyo. Anali ataonda pang'ono. Manja awo ankayenda mofulumira ngati kale.

A Misomali anazungulira mashelefu kawiri, osadziwa chotenga. Pomaliza anatola sopo mmodzi ndi mankhwala otsukira mano, n'kuima pa mzere wa kauntala yachiwiri, ngakhale kuti woyamba unali waufupi. Patsogolo pawo panali anthu anayi. Aliyense ankatambasula foni, tii, lisiti, n'kumapita. Apa panalibe sitika paliponse.

Atafika, mlamu anatukula maso. Sanadzidzimuke.

"Alamu," anatero a Misomali.

"Mwaswera bwanji. Ndi ziwiri zokhazi?"

"Alamu, ndabwera kudzapepesa. Ndinalakwa. Ndinalakwa kwambiri, sindikudziwa n'komwe poyambira. Inali sitika, munthu anamata yake pamwamba pa yathu."

"Ndinamva. Akulu anga anandiuza Lachiwiri lomwelo."

Anadutsitsa sopo pa makina, kenako mankhwala aja. Kumbuyo kwa a Misomali kunali bambo wa ndodo ndi mayi wonyamula khanda, ndipo onse anali atatchera makutu.

"Bwererani ku shopu. Foni idzikhala ndi inu. Kasipika kaja ndinagula. Malipiro ndikweza, munene nokha."

Mlamu anatsamira pang'ono, n'kutsitsa mawu kuti a pamzere asamve zonse.

"Ndikuuzeni chinthu chimodzi. Cholakwa changa chinalipo. Anthu aja akatukula mafoni, ine ndinkayang'ana mtengo ndi chobiriwira, dzina la wolandira sindinkaliwerenga. Milungu itatu yathunthu. Mukanandikalipira chimenecho, ndikanagwada n'kupepesa, mwinanso ndikanati muzidula pa malipiro anga. Koma inu simunati ndine wosasamala. Munati ndine wakuba, pamaso pa akulu anga."

"Ndinapsa mtima."

"Kupsa mtima ndikudziwa, ndakhala nanu zaka khumi ndi zinayi. Tsiku lija simunapse mtima. Munabwera ndi mapepala osanja bwino."

A Misomali anayang'ana sopo.

"Ngakhale zimenezo ndikanazimeza," mayiyo anapitiriza. "Nditamva za sitika ndinati basi, abwera. Lachitatu ndinasesa pakhonde, ndinatulutsa mipando iwiri. Ndinakonzeka kukuvutitsani pang'ono kenako n'kuseka. Lachinayi chimodzimodzi. Loweruka lija ndinakuonani pamphambano, ndi malaya oyera. Ndinathamanga kukaika madzi a tiyi pamoto. Madziwo anawira mpaka kuphwa."

Apa a Misomali maso anawatentha. Bambo wamkulu, wa imvi, kulira pa famase, pamaso pa khanda!

"Mlungu wachitatu ndinalowetsa mipando ija n'kuyamba kufunsira ntchito. Kuno anandifunsa kuti kumene ndinali ndinachokako bwanji. Mukudziwa ndinati chiyani? Ndinati shopu inali ya achibale, ndinatopa nayo. Ndinakunamirani bodza labwino, alamu. Limenelo ndi lokhalo ndinabapo."

Anawongoka, anayang'ana makina, anatchula mtengo ndi mawu a ntchito. A Misomali anapapasa m'thumba. Chikwama cha ndalama anali atachisiya m'dirowa ku shopu. Anatulutsa foni, n'kuyamba kuyang'ana uku ndi uku pa kauntala, kufuna pojambula.

"Kuno simujambula ndinu. Muonetse yanu."

Chibadwire anali asanalipirepo mwa njira imeneyo. Anatsegula apa, anatseka, anatsegula pena. Bambo wa ndodo uja anatsokomola mokweza. Mlamu anatambasula dzanja, osagwira foniyo, n'kuloza ndi chikhadabo.

"Apo. Pamene palembedwa kuti lipirani. Eya. Musamaionetse kwa anthu a pamzere, ndi ya makina okha."

Khodi inabwera. Mayiyo analoza sikana. Tii. Anang'amba lisiti, anaika sopo ndi mankhwala m'kapepala, n'kupereka ndi manja awiri, mwaulemu wonse umene amapatsa kasitomala aliyense.

"Kunyumba kwanu ndidzabwerabe, kuli akulu anga ndi ana," anatero. "Tidzapatsana moni, maliro tidzalira limodzi. Koma pa kauntala yanu ayi. Tsiku lina ndalama zidzasowanso, shopu ndi shopu, ndipo ine ndidzayamba kuyang'ana nkhope yanu kuti mukuganiza chiyani. Sindingakhale choncho, ndakula."

"Ndiye palibe chimene ndingachite?"

"Chinalipo. Mukanagogoda Loweruka lija."

Anayang'ana kupyola phewa lawo, n'kumwetulira bambo wa ndodo uja. "Pepani agogo, takuchedwetsani. Bwerani."

A Misomali anasuntha kuti nkhalambayo idutse. Anaima pambali, kapepala m'manja, kudikira kuti mwina mlamu awayang'ananso kamodzi. Mayiyo anali akuwerengera agogowo kamwedwe ka mankhwala, kawiri pa tsiku mukatha kudya. Mlonda wa pakhomo anayandikira n'kufunsa mwaulemu ngati bambo akufunanso china. Anapukusa mutu, anaonetsa lisiti, mlonda n'kuwatsegulira chitseko.